Dzina la kampani, mawu akuti Limited ndi dzina la pa chikwangwani: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amavutitsa anthu ambiri ochita malonda ku Chikwawa ndi ku Nsanje, makamaka iwo amene afika pofuna kutsegula akaunti ya bizinesi ku banki, kugulitsa katundu ku mabungwe akuluakulu kapena kupikisana nawo pa ntchito za khonsolo. Bizinesi ikhoza kudziwika ndi mayina angapo, koma dzina limene limasaina mgwirizano, limene limakongola ndiponso limene limaitanidwa ku khoti ndi limodzi lokha, ndipo nthawi zambiri si limene lalembedwa ndi penti pakhoma la sitolo. Kupatula makampani odziwika amene atchulidwa ndi mayina awo enieni, mayina ndi ndalama za m'zitsanzo ndi zongoyerekeza.

Kodi dzina lolembetsedwa ndi dzina lochitira malonda zimasiyana pati?

Dzina lolembetsedwa ndi limene lili m'kaundula wa boma ndipo lasindikizidwa pa satifiketi imene kampani imalandira tsiku limene yakhazikitsidwa. Ku Malawi kaundulayu amasungidwa ndi ofesi ya boma yolembetsa makampani, imene ambiri amaidziwa kuti kwa Registrar General, ndipo makampani amayendetsedwa ndi lamulo la makampani la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mu 2016. Kuyambira tsiku limene satifiketi yatuluka, lamulo limaiona kampaniyo ngati munthu payekha, wosiyana ndi anthu amene anaiyambitsa. Ikhoza kukhala ndi galimoto, nyumba ndi ngongole zakezake, ndipo zonsezi zimalembedwa m'dzina limene lili pa satifiketipo.

Dzina lochitira malonda ndi limene makasitomala amaliona pa chikwangwani, pa matumba, pa galimoto kapena kulimva pa wailesi. Dzinali palokha si munthu pamaso pa lamulo, kotero silingakhale ndi katundu ndipo silingakongole. Kumbuyo kwake kumakhala mwini, amene angakhale kampani, munthu mmodzi kapena anthu angapo amene agwirizana. Zili ngati mmene bambo amaitanidwira m'mudzi ndi dzina la mwana wake woyamba, mpaka ana a m'mudzimo kuiwala dzina lake lenileni, koma akapita ku banki amamufunsa dzina limene lili pa chiphaso cha unzika.

Chitsanzo chapafupi chili m'manja mwa aliyense amene ali ndi foni. Anthu amati TNM, ndipo zilembo zitatuzi ndi zimene zili pa zikwangwani za ogulitsa mayunitsi ku Nchalo ndi ku Bangula, koma dzina la kampaniyo ndi Telekom Networks Malawi plc.

Nchifukwa chiyani kampani singangogwiritsa ntchito dzina limodzi?

Makampani ambiri amatero, ndipo kwa amene akungoyamba kumene imeneyi ndiyo njira yopepuka. Komabe pali zifukwa zomveka zimene zimachititsa kuti mayina asiyane. Dzina lolembetsedwa limatha kukhala lalitali moti silikwana pa chikwangwani. Nthawi zina dzina limene sitolo yadziwika nalo kwa zaka zambiri limapezeka kuti linatengedwa kale m'kaundula, ndiye mwini amalembetsa kampani m'dzina lina. Palinso kampani imodzi imene ili ndi mabizinesi osiyana, monga chigayo ku Ngabu, malo ogona alendo ku Nsanje ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Dyeratu, ndipo bizinesi iliyonse ili ndi dzina loyenera ntchito yake. Chofunika kukumbukira n'chakuti mayina atatuwo sapanga makampani atatu. Ngongole ya chigayo ikhoza kulanditsa katundu wa m'sitolo ya ku Dyeratu, popeza mwini wa zonsezo ndi kampani imodzi.

Kodi mawu akuti Limited kumapeto kwa dzina amatanthauzanji kwenikweni?

Anthu ambiri amaganiza kuti mawuwa amasonyeza kukula kwa bizinesi kapena kudalirika kwake, koma tanthauzo lake ndi lina. Mawuwa ndi chenjezo kwa aliyense amene akuchita malonda ndi kampaniyo, lonena kuti udindo wa eni ake pa ngongole za kampani uli ndi malire. Kampani yokhayo iyenera kubweza ngongole zake zonse ndi katundu yense amene ili naye, koma mwini masheya amangoyankha pa ndalama imene analonjeza kulipira pa masheya ake ndipo sanaimalize.

Tiyerekeze kuti abale awiri a ku Ngabu akhazikitsa kampani yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a thonje, ndipo aitcha Mlambe wa Kumadzi Limited. Agwirizana kuti kampaniyo ikhale ndi masheya 1,000, sheya iliyonse pa K1,000, kutanthauza K1,000,000 yonse pamodzi, ndipo aliyense watenga masheya 500. Mkulu walipira K500,000 yake yonse, pamene mng'ono walipirako K100,000 yokha ndipo watsala ndi K400,000. Kampaniyo yatenga katundu pa ngongole kwa wogulitsa wa ku Limbe, wokwana K9,000,000. Mvula itafika pakati, madzi osefukira alowa m'nyumba yosungiramo katundu, monga mmene zinachitikira m'madera ambiri a m'chigwa cha Shire pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo feteleza wasungunuka. Katundu amene watsala, ndalama za ku banki ndi njinga yamoto ya kampani, zonse pamodzi zikukwana K5,000,000.

Kampaniyo ikathetsedwa chifukwa cholephera kubweza ngongole, K5,000,000 yonse ija imapita ku ngongole. Mng'ono amafunsidwa kuti amalize K400,000 imene anatsala nayo, zimene zikubweretsa ndalama zonse pa K5,400,000. Mkulu safunsidwa kanthu, popeza masheya ake analipira kale, ngakhale kuti K500,000 imene anaika yapita. Wogulitsa wa ku Limbe amatsala ndi K3,600,000 yosabwezedwa, ndipo sangapite kukatsegula khola la ng'ombe za abale awiriwo kapena kugulitsa nyumba zawo. Powerengera pano tasiya dala ndalama zolipira ntchito yothetsa kampaniyo, misonkho ndi malipiro a antchito, zimene zimachepetsanso gawo la wogulitsayo.

Abale omwewo akanakhala kuti amangochita malonda mogwirizana popanda kukhazikitsa kampani, K9,000,000 yonse ikanakhala ngongole yawo iwo eni, ndipo ng'ombe, mbuzi ndi nyumba zikanakhala pa ngozi. Ichi ndicho chifukwa lamulo limafuna kuti mawu akuti Limited aoneke m'dzina. Amene akukongoza katundu ayenera kudziwiratu kuti zinthu zikavuta adzalondola chuma cha kampani chokha. Mfundo imeneyi ndi yakale, ndipo inakhazikika m'mlandu wa Salomon umene khoti lalikulu la ku Britain linagamula mu 1896, pamene linanena kuti kampani yokhazikitsidwa motsata lamulo ndi yosiyana ndi mwini wake ngakhale mwiniyo atakhala ndi pafupifupi masheya onse.

Ndiye kuti mwini kampani sangataye katundu wake zivute zitani?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Chitetezo chimenechi chili ndi zipata zingapo. Chachikulu ndi cha ku banki. Banki ikamakongoza kampani yaing'ono, kawirikawiri imafuna kuti eni kapena oyendetsa kampaniyo asaine kuti kampani ikalephera adzabweza iwo eni, kapena apereke nyumba yawo ngati chikole. Munthu akasaina pepala lotere, mawu akuti Limited samutetezanso pa ngongole imeneyo, chifukwa lonjezolo wapanga iye mwini.

Chipata china ndi chinyengo. Woyendetsa kampani amene akupitiriza kutenga katundu pa ngongole akudziwa bwino kuti kampani yagwa kale ndipo sidzalipira, kapena amene wachotsa katundu wa kampani n'kumubisa kwa achibale, khoti likhoza kumulamula kuti alipire ndi chuma chake. Chipata chachitatu chikukhudza dzina lenilenilo. Ngati mkulu uja wa ku Ngabu wasaina mgwirizano wogula feteleza m'dzina lake, kapena m'dzina la pa chikwangwani lokha osatchula kampani paliponse, wogulitsa akhoza kunena ku khoti kuti iye anapangana ndi munthu osati kampani, ndipo mlandu wotere umavuta kuukana ngati palibe pepala losonyeza kuti wogulitsayo ankadziwa za kampaniyo.

Ndinalembetsa bizinesi yanga ndipo satifiketi ndili nayo. Kodi ndingawonjezere Limited pa chikwangwani ndi pa chidindo?

Yang'anani kaye mutu wa satifiketi yanuyo. Pali mitundu iwiri ya kulembetsa imene anthu amaisokoneza chifukwa yonse imachitikira ku ofesi imodzi. Woyamba ndi kulembetsa bizinesi ya munthu mmodzi kapena ya anthu ogwirizana, motsata lamulo lolembetsa mabizinesi la 2012. Kumeneku boma limangodziwa kuti dzina lakuti ndi la munthu wakuti, koma palibe munthu watsopano amene wabadwa pamaso pa lamulo, ndipo ngongole zonse za bizinesiyo ndi zanu. Wachiwiri ndi kukhazikitsa kampani motsata lamulo la 2013, ndipo satifiketi yake imalembedwa kuti Certificate of Incorporation. Ndi satifiketi yachiwiriyi yokha imene imabwera ndi mawu akuti Limited.

Ngati yanu ndi yoyamba ija, musawonjezere mawuwo. Lamulo sililola kuti bizinesi imene si kampani idzionetse ngati kampani, ndipo penti ya pakhoma kapena chidindo chokonzetsa ku Limbe sizipereka chitetezo chilichonse. Vuto lina limatulukira ku banki, kumene amafanizira chilembo ndi chilembo dzina la pa pepala lanu ndi la pa satifiketi. Dziwaninso kuti mawu ngati Enterprises, Investments, General Dealers, Holdings kapena and Sons alibe mphamvu iliyonse ya lamulo. Ndi mawu ongokometsera dzina, ndipo bizinesi ya munthu mmodzi wogulitsa nsomba zouma ku Bangula ikhoza kukhala nawo monga mmene kampani yaikulu ingakhalire nawo.

Nanga Ltd, plc ndi zilembo zina zimene timaziona pa mapepala a makampani akunja?

Ltd ndi chidule chabe cha Limited. Zilembo za plc zimaimira public limited company, ndipo zimasonyeza kampani imene ikuloledwa kugulitsa masheya ake kwa anthu wamba. Kampani ya shuga ya ku Nchalo ndi yotere, ndipo dzina lake lonse ndi Illovo Sugar (Malawi) plc. Enanso ndi National Bank of Malawi plc ndi Press Corporation plc, ndipo masheya a makampani atatuwa amagulitsidwa pa msika wa masheya ku Blantyre. Kampani ya banja kapena ya anthu ochepa, imene siitanira anthu wamba kuti agule masheya, imathera ndi Limited. Pa nkhani ya malire a udindo palibe kusiyana, chifukwa mwini masheya wa plc nayenso amangotaya zimene anaika.

Kwa anthu a ku Nsanje amene amachita malonda kudzera pa chipata cha m'malire cha Marka, zilembo zofunika kuzidziwa ndi Lda, chidule cha Limitada, zimene makampani a ku Mozambique amaika kumapeto kwa mayina awo, pamodzi ndi S.A. pa makampani a masheya. Makampani a ku South Africa amalemba (Pty) Ltd, a ku America amalemba Inc. kapena LLC, ndipo a ku Germany amalemba GmbH. Zilembozi zimathandiza kudziwa dziko limene kampani inalembetsedwa, ndiye kuti dziko limene kaundula wake ali. Kampani yokhazikitsidwa ku Malawi singadzisankhire zilembo za dziko lina chifukwa choti zikumveka bwino.

Kodi dzina la kampani limasankhidwa bwanji, ndipo ndi mayina otani amene amakanidwa?

Ntchito imayamba ndi kufufuza m'kaundula ngati dzina limene mukufuna lilipo kale. Masiku ano izi zimachitika pa intaneti kudzera pa Malawi Business Registration System, imene mwachidule imalembedwa MBRS, kotero munthu wa ku Makhanga sayenera kukwera Thabwa kupita ku Blantyre kungokafunsa ngati dzina lili ndi mwini. Dzina likavomerezedwa limasungidwa kwa kanthawi kuti mumalize mapepala ena, ndipo nthawiyo ikadutsa musanamalize, wina akhoza kulitenga. Ndi bwino kukonzekera mayina atatu, kuyambira limene mukulifuna kwambiri.

Dzina limakanidwa ngati likufanana ndi la kampani imene ilipo kale, kapena ngati likuyandikira kwambiri moti anthu angasokonezeke. Kusintha kalembedwe pang'ono sikuthandiza. Ngati m'kaundula muli kale Mlambe Traders Limited, dzina loti Mlambe Trading Limited likhoza kubwezedwa, chifukwa mawu amene amasiyanitsa dzina ndi oyambawo, osati ofotokoza ntchito kapena akumapeto. Mayina ngati Chisomo, Tiyanjane, Madalitso ndi Shire anagwiritsidwa kale ntchito kambirimbiri, choncho amene akufuna dzina lotere ayembekezere kuti afunika kuwonjezera mawu ena osiyanitsa, monga dzina la mtsinje, phiri kapena mudzi wa kwawo.

Limakanidwanso dzina losocheretsa anthu. Dzina lopereka chithunzi chakuti kampani ndi ya boma, ya khonsolo kapena yolumikizana ndi mtsogoleri wa dziko silivomerezedwa popanda chilolezo, ndipo Malawi ali ndi lamulo lapadera loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina ena a dziko. Mawu ngati Bank kapena Insurance ndi a mabungwe amene ali ndi chilolezo chochokera kwa oyang'anira za ndalama ku Reserve Bank of Malawi, kotero gulu la banki m'khonde silingalembetse kampani yokhala ndi mawu amenewa chifukwa choti limakongozana ndalama. Dzina lotukwana kapena lonyoza nalonso limabwezedwa.

Malangizo amene ndimawaona ofunika kuposa onse ndi akuti musapentetse chikwangwani, musasindikizitse mabuku a malisiti ndipo musakonzetse chidindo satifiketi isanatuluke. Ikatuluka, werengani dzinalo chilembo ndi chilembo tsiku lomwelo. Ngati munafuna Kumadzi koma palembedwa Kumazi, dzina la kampani yanu pamaso pa banki ndi Kumazi mpaka mutakakonzetsa.

Kodi dzina liyenera kukhala la Chingerezi?

Ayi. Dzina likhoza kukhala la Chichewa, la Chimang'anja kapena la Chisena. Mawu akumapeto okha, Limited kapena plc, ndi amene amalembedwa monga momwe lamulo linawaikira. Samalani ndi mayina okhala ndi kachizindikiro ka pakati pa zilembo, monga ka mu ng'ombe, chifukwa makompyuta ena a mabanki ndi a maofesi amakataya, ndipo dzina limodzi limayamba kuoneka mosiyana pa mapepala osiyana.

Ndili ndi mayina awiri. Ndi liti limene ndilembe pa pepala liti?

Pa chikwangwani, pa matumba ndi pa zotsatsa malonda mukhoza kuika dzina lochitira malonda ndi zilembo zikuluzikulu. Pa pepala lililonse lokhudza ndalama kapena lonjezo, dzina lolembetsedwa liyenera kuonekapo lathunthu. Apa tikunena za invoisi, lisiti, kalata ya kampani, pepala loitanitsira katundu, mgwirizano wa lendi, kalata yolembera munthu ntchito ndi mapepala opikisanirana ntchito. Njira yozolowereka yolumikizira mayina awiriwa ndi kulemba trading as, kapena mwachidule t/a, pakati pawo. Ngati abale a ku Ngabu aja sitolo yawo imadziwika kuti Takulandirani Agro, pamwamba pa invoisi pazilembedwa motere:

```
Mlambe wa Kumadzi Limited t/a Takulandirani Agro
```

Dzina lachiwirilo nalonso likalembetsedwe ku ofesi yomweyo monga dzina la bizinesi limene mwini wake ndi kampaniyo, kuti pakhale pepala la boma lolumikiza mayina awiriwa. Posaina, woyendetsa kampani alembe dzina la kampani, kenako dzina lake ndi udindo wake, kuti zioneke kuti akusainira kampani osati iye mwini.

Taonani zimene zimachitika mayina akasemphana. Bungwe lina lothandiza alimi lagula mbewu ya mapira ya K4,200,000 ku sitolo ija. Mnyamata wa pa kauntala walemba invoisi m'buku lakale limene pamwamba pake pali Takulandirani Agro basi. Akaunti ya ku banki ili m'dzina la Mlambe wa Kumadzi Limited. Nambala ya msonkho ya ku MRA, imene imatchedwa TPIN, imene yalembedwa pa invoisiyo ndi ya mkulu uja, imene anatenga kale akuchita bizinesi payekha. Wowerengera ndalama wa bungwelo akuona mayina atatu pa malonda amodzi, ndipo sangalipire, chifukwa oyendera mabuku akadzabwera adzamufunsa chifukwa chimene ndalama zinapitira ku akaunti ya dzina limene silili pa invoisi. Ngakhale atalemba cheke m'dzina la Takulandirani Agro, banki ikhoza kuchikana ngati dzinalo silinalumikizidwe ndi akauntiyo. Mbewu yapita kale kumunda, koma ndalama zaima.

Kukonza kwake kumayenda motere. Kampani imatenga TPIN yakeyake m'dzina lolembetsedwa, popeza nambala ya mwini siimira kampani. Imalembetsa dzina lochitira malonda, n'kupereka kope ya satifiketi yake ku banki kuti akauntiyo izidziwika ndi mayina onse awiri. Kenako imafafaniza invoisi yakale ija ndi kulemba yatsopano yokhala ndi dzina lathunthu, TPIN ya kampani ndi nambala ya akaunti. Muyeso wake ndi wosavuta: ikani patebulo satifiketi, pepala la TPIN, kalata ya ku banki, laisensi ya ku khonsolo ndi invoisi, ndipo dzina lolembetsedwa lifanane pa mapepala onse asanuwo. Amene akufuna kugulitsa katundu ku boma awonjezerepo satifiketi ya ku PPDA, ofesi yoyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma.

Wina watsegula sitolo ku Nchalo ndi dzina lofanana ndi langa. Kodi kulembetsa kwanga sikukunditeteza?

Kukutetezani pang'ono chabe. Kulembetsa kampani kumaletsa kuti kampani ina ilowe m'kaundula ndi dzina lomwelo kapena loyandikana nalo kwambiri, koma pakokha sikukupatsani umwini wa dzinalo pa matumba, pa mabotolo kapena pa zikwangwani. Chimene chimateteza dzina kapena chizindikiro cha katundu pa msika ndi kulembetsa chizindikiro cha malonda, motsata lamulo la zizindikiro za malonda la 2018. Kulembetsa kumeneku n'kwapadera, kuli ndi mapepala ndi malipiro akeake, ndipo kumachitika potchula mtundu wa katundu kapena ntchito imene chizindikirocho chikuimira. Munthu amene akulongeza mpunga wa ku Nsanje m'matumba a makilogalamu asanu okhala ndi dzina ndi chithunzi chake ayenera kuganizira kulembetsa kumeneku, chifukwa phindu lake lagona pa thumba limene ogula alizolowera.

Amene sanalembetse chizindikiro akhozabe kukasuma ku khoti ngati winayo akunamiza ogula kuti katundu wake ndi wa mnzakeyo. Mlandu wotere umafuna umboni wakuti dzinalo linadziwika kale ndi inu, kuti anthu akusokonezekadi ndiponso kuti mukutaya malonda, choncho malisiti akale, zithunzi za chikwangwani ndi malaisensi a zaka zam'mbuyo zisungidwe. Nkhaniyi imathanso kutembenuka: ofesi ikhoza kuvomereza dzina la kampani yanu, koma ngati dzinalo ndi chizindikiro cholembetsedwa cha wina pa katundu wofanana, mwini chizindikiroyo akhoza kukuletsani kuligwiritsa ntchito.

Kodi kampani ikasintha dzina, ngongole zake zakale zimatha?

Sizitha. Kusintha dzina kumafuna chigamulo chapadera cha eni masheya, chimene chimadutsa ndi mavoti osachepera 75 pa 100 alionse, kenako kaundula amatulutsa satifiketi yosonyeza dzina latsopano. Kampaniyo imakhala yomweyo, ndipo ngongole zake, mapangano ake, antchito ake ndi milandu imene ili ku khoti zimapitirira pansi pa dzina latsopanolo. Anthu a m'chigwachi akudziwa bwino zimenezi, chifukwa akuluakulu ambiri mpaka lero amati akupita ku Sucoma, dzina limene kampani ya shuga ya ku Nchalo inkadziwika nalo isanakhale Illovo. Dzina la pakamwa linatsala, koma pa mgwirizano wonyamula nzimbe kapena wogulitsa katundu kumeneko palembedwa dzina limene lili m'kaundula lero.

Zimene muyenera kusamala nazo ndi pamene eni atseka kampani yakale n'kukhazikitsa ina yatsopano, koma chikwangwani ndi ogulitsa pa kauntala ali omwewo. Apa ngongole za kampani yakale sizisamukira zokha ku yatsopano. Njira yosiyanitsira zinthu ziwirizi ndi nambala ya kampani imene ili pa satifiketi pamodzi ndi tsiku limene inakhazikitsidwa. Ngati tsikulo ndi laposachedwa pamene sitolo mwakhala mukuidziwa kwa zaka zambiri, ndiye kuti mukuchita malonda ndi kampani ina.

Ndife gulu la alimi. Kodi nafenso tifunika dzina lothera ndi Limited?

Zimadalira mtundu wa bungwe limene mukufuna. Alimi amene amalima ndi kugulitsa pamodzi, monga a nzimbe a ku Phata m'boma la Chikwawa, kawirikawiri amalembetsa ngati kopaletivi, motsata lamulo la makopaletivi la 1998, ndipo kaundula wawo ndi wina, wa ku unduna woona za malonda. M'kopaletivi membala aliyense ali ndi voti imodzi, pamene m'kampani ya masheya mphamvu ya voti imatsata kuchuluka kwa masheya. Mipingo ndi mabungwe othandiza anthu ambiri amalembetsa motsata lamulo la matrasti, ndipo mayina awo amayamba ndi Registered Trustees of. Palinso kampani yopanda masheya, imene mamembala ake amangolonjeza kandalama kodziwika kamene adzapereke ngati kampaniyo itathetsedwa, ndipo mtundu umenewu umayenera mabungwe amene sagawana phindu. Sankhani kaye mtundu wa bungwe, dzina lidzatsata pambuyo, popeza mawu akumapeto kapena koyambirira kwa dzina amachokera ku lamulo limene mwalembetsera.

Ndikugulitsa mbuzi kapena nandolo pa ngongole kwa wogula amene wabwera ndi galimoto yolembedwa dzina la bizinesi. Ndidziwa bwanji amene adzandilipire?

Dzina la pa chitseko cha galimoto silikukuuzani zambiri, chifukwa galimotoyo ikhoza kukhala ya hayala ndipo dzinalo likhoza kukhala lochitira malonda chabe. Pemphani kuona kope ya satifiketi, ngakhale chithunzi chake cha pa foni, ndipo onani mutu wake. Ngati ndi Certificate of Incorporation, amene adzakulipireni ndi kampani, choncho pa pepala la ngongole palembedwe dzina lake lathunthu, nambala yake ndi kumene ofesi yake ili, ndipo wosainayo alembe udindo wake. Ngati ndi satifiketi ya bizinesi ya munthu mmodzi, wangongole wanu ndi munthuyo, choncho palembedwe dzina lake la pa chiphaso cha unzika, nambala ya chiphasocho, kenako t/a ndi dzina la bizinesi.

Dzina limene lili pa pepala la ngongole ndi limene lidzalembedwe pa chisamani ngati nkhani itafika ku khoti la majisitireti ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo kusumira dzina la pa chikwangwani limene mwini wake sakudziwika kumachedwetsa mlandu mpaka wosumayo atapeza amene ali kumbuyo kwake. Ngati wogulayo ndi kampani yaing'ono imene simukuidziwa ndipo mbuzi ndi zambiri, mwachitsanzo 30, muli ndi ufulu wopempha kuti mwini wake asainenso payekha kuti kampani ikalephera adzalipira iye, monga momwe banki imachitira. Akakana, mbuzi zisakwere galimoto mpaka atalipira gawo limene mungakhutire nalo, ndipo ndalama yotsalayo ilembedwe ndi tsiku lake lolipirira pamaso pa mboni ziwiri.